Mkodzo wootcha womwe unakwera mpaka ku impso: nkhani ya mayi wina wa kuno ku Kasungu

Ndimagwira ntchito pa kachipatala kena kakumudzi kuno ku Kasungu, ndipo nkhani iyi ndi ya mu Febuluwale, nthawi yomwe anthu ali kalikiliki kuthyola ndi kusoka fodya, malungo nawo ali pachimake moti pa anthu khumi otentha thupi umangodziwiratu kuti ambiri atuluka nawo. Ndailemba chifukwa pamene panalakwika koyamba ndi pa tebulo langa, osati pa wina ayi, ndipo ndikudziwa kuti anzanga ambiri mu opidi, moonera odwala osagonekedwa, mumachita zomwe ndinachitazo mzere ukafika pa mtengo wa mango.

Mayiwa ndi a zaka 34, ana anayi, ali pa jakisoni wolera wa depo, sikelo yawo 68 kg, HIV anayezetsa miyezi iwiri yapitayo alibe. Anabwera Lolemba cha m'ma 11 koloko. Mawu awo anali akuti, "Adokotala, mkodzo ukundiotcha ngati ndathira tsabola, ndikungopita kuseri pafupipafupi koma ukutuluka wochepa, komanso pachinena apa pakupweteka." Ndinafunsa kuti zayamba liti, akuti masiku atatu. Ndinafunsa za kumaliseche ngati kukutuluka chikazi chachilendo kapena kuyabwa, akuti ayi. Magazi mu mkodzo ayi. Thupi titayeza linali 37.3. Ndinakanikiza pamimba, pachinena panali kupweteka pang'ono, kwina konse kofewa bwinobwino. Ndinawatumiza ku labu yathu yaing'ono ija kukaviika kapepala ka mkodzo, kanabwera ndi ma lukosaiti ambiri, kutanthauza mafinya, komanso naitiraiti, yemwe amapangidwa ndi tizilombo, alipo. Mimba tinayeza, palibe.

Mutu wanga unati basi, ichi ndi chikhodzodzo chokha. Ndinalemba naitrofurantoini 100 mg kanayi pa tsiku kwa masiku 5, azimwa atadya, azimwanso madzi ambiri, ndikuitana wotsatira. Zonse sizinakwane mphindi zisanu.

Nditi ndidziteteze pang'ono, mankhwalawo pa matenda a chikhodzodzo chokha ndi abwino kwambiri ndipo mpaka pano ndi omwe ndimayamba nawo akakhala alipo. Kachilombo komwe kamayambitsa matenda ambiri a njira ya mkodzo ndi E. coli, kochokera m'matumbo mwathu momwemu, kamangoyenda kamtunda kochepa kuchoka kumbuyo kufika pa njira ya mkodzo ya mzimayi yomwe ndi yaifupi. Naitrofurantoini akalowa m'thupi sachedwa m'magazi, impso zimamutaya mwachangu nkukaunjikana mu mkodzo, ndiye m'chikhodzodzo amakhala wambiri wokwana kupha kachilomboka. Bakitirimu ndi amokisilini kuno zinatha mphamvu pa E. coli wambiri, anthu akhala akumwa za m'magolosale ngati maswiti, bakitirimu uja tikumperekanso tsiku ndi tsiku kwa anzathu omwe ali pa ma ARV. Ndiye kusankha kwanga sikunali kopusa. Vuto ndi lakuti ubwino wa mankhwalawa ndi womwenso uli kufooka kwake: poti sakhala m'magazi, safika mokwanira mu mnofu wa impso. Matenda akakhala kuti akwera kale, ndiye kuti ukukolopa pakhonde madzi akudontha kudenga.

Lachitatu anabweranso, ine ndinali ku kiliniki ya kumudzi, anawaona mnzanga. Thupi 38.9, kunjenjemera, mutu, kuphwanya m'thupi, asanza kamodzi. Mu Febuluwale ku Kasungu ndani sangaganize malungo? Anawabaya pachala, mizere iwiri inatuluka ngakhale wachiwiriwo unali wosaoneka bwino, anapatsidwa LA ndi panado nkuuzidwa kuti apitirize aja a mkodzo. Sindimuda mnzangayo, mwina inenso ndikanachita chimodzimodzi. Koma mu kabuku kawo ka kuchipatala, tsamba limodzi lokha kumbuyo, munalembedwa kuti anamwa LA masabata atatu apitawo ndipo anamaliza. Koyezera malungo ka pachala kaja sikaona kachilombo kamoyo, kamaona puloteni yomwe kachilombo kanasiya m'magazi, ndipo puloteni imeneyo imatha kukhalabe masabata angapo munthu atachira kale. Munthu amene wangomwa kumene LA, mizere iwiri siikuuza zambiri, pamafunika galasi la maikulosikopu.

Lachinayi m'mawa amuna awo anawabweretsa pa njinga yamoto, mlamu wawo atawagwirizira kumbuyo. Ndinawazindikira ali pakhomo ndipo mtima unangoti phaa. Milomo youma, akubuula, dzanja lili m'chiuno chakumanja. LA yense amene anamwa dzulo lake, wa masana ndi wa usiku, anasanza. Thupi 39.4, mtima ukugunda 118 pa mphindi, bipi 94/60, kupuma 24 pa mphindi. Ankayankha bwino, sanasokonezeke mutu, khosi lofewa, m'chifuwa mopanda phokoso.

Apa ndi pamene ndinachita chomwe ndinayenera kuchita Lolemba. Ndinawakhazika tsonga, ndikuika chikhatho changa kumsana pamene nthiti yomaliza imakumana ndi fupa la msana, ndikumenya pang'ono ndi chibakera pamwamba pa dzanja langalo. Kumanzere sanamve kanthu. Kumanja anadumpha nkukuwa kuti "Mayo ine!" Kuyeza kumeneku sikutenga ngakhale masekondi khumi, sikufuna magetsi kapena batire.

Kenako ndinafunsanso mbiri, ulendo uno modekha, ndipo inatuluka nkhani ina ndithu.

"Mayi, mkodzo uja unayamba kuotcha liti kwenikweni?"

"Aaa adokotala, Lachiwiri la sabata yathayi. Koma unayamba kuvuta zenizeni masiku atatu aja ndinanena."

"Munamwako chilichonse musanabwere Lolemba?"

"Bambo a kunyumba anandigulira makapusozi anayi pa golosale, aja ofiira ndi achikasu. Ndiye m'mawa wa Lolemba ndinamwa panado awiri kuti ndithe kuyenda, usiku wake ndinazizidwa kwambiri mpaka mano kugundana."

"Nanga msanawu?"

"Umenewu unayamba Lamulungu, koma ndimati ndi kuwerama kumunda, panopa tikuthyola fodya."

Ndiye onani: tsiku lomwe ndinkati chikhodzodzo chokha, mayiwa anali ndi masiku 6 akudwala, anali atanjenjemera usiku, msana mbali imodzi ukupweteka, ndipo 37.3 yanga ija inali ya panado. Sanandibisire kanthu, ine ndi amene sindinafunse. Munthu wa kumudzi nthawi ya fodya sangakuuze za msana poti aliyense msana ukumupweteka, amakuuza chomwe akuona kuti ndi chachilendo. Ndipo funso loti "thupi likutentha?" ambiri amayankha ayi, koma ukafunsa kuti "munazizidwako usiku mpaka kufunda mabulangete awiri?" ndi pamene amati eya.

Kapepala ka mkodzo nakonso tisakapatse ntchito yomwe sikangathe. Kamakuuza kuti mu mkodzo muli mafinya ndi tizilombo, koma sikakuuza kuti zachokera m'chikhodzodzo kapena mu impso, zotsatira zimafanana ndendende. Naitiraiti akapezeka ndi umboni wamphamvu, koma akapanda kupezeka sindiye kuti matenda palibe, chifukwa mkodzo umafunika ukhale m'chikhodzodzo maola ngati anayi kuti tizilombo timupange, pomwe munthu akukodza mphindi makumi atatu zilizonse. Kusiyanitsa pansi ndi pamwamba ndi ntchito ya pakamwa ndi manja. Chikhodzodzo chokha chimavutitsa pokodza ndi pachinena koma munthu amakhala ali bwino, amadya nsima, amapita kumunda. Kukabwera kutentha thupi kofika 38, kunjenjemera, kupweteka m'mbali mwa msana, nseru kapena kusanza, chimodzi chokha mwa izi, ine pano ndimati impso mpaka nditatsimikiza kuti si impso.

Chinandipweteka kwambiri ndi chomwe ndinaona nditatsegula kabuku kaja pa tsamba la Lolemba. Mnyamata wa ku labu analemba mizere itatu, ma lukosaiti, naitiraiti, ndipo pansi pake shuga ++. Ine maso anga anathera pa iwiri yoyamba chifukwa ndi yomwe ndinkaifuna. Tinawabaya pachala pomwepo, shuga 312 mg/dL. Nditafunsa, akuti kwa miyezi ingapo akhala akumva ludzu kwambiri, kudzuka katatu kanayi usiku kukataya madzi, ndipo aka kanali kachitatu chaka chimodzi kumva mkodzo kuotcha, maulendo awiri oyambawo anathana nazo ndi makapusozi a pa golosale. Mayi awo omwalira analinso ndi shuga. Shuga wosadziwika ameneyu ndi amene ankadyetsa tizilombo mu mkodzo nkufooketsanso chitetezo, ndipo ndikanamuona Lolemba sindikanawatenga ngati mzimayi wathanzi wa matenda wamba a chikhodzodzo.

Zochita zinali zoonekeratu tsopano. Munthu akusanza sangasunge mapiritsi, bipi yatsika, mtima ukuthamanga, shuga ali m'mwamba, uyu si wopatsa mapiritsi a siprofulokisasini, omwe timangoti sipuro, nkumubweza kunyumba. Anesi anaika kanula wamkulu, tinathamangitsa lita imodzi ya nomo selaini mu ola loyamba, bipi inakwera kufika 104/66. Tinatenga mkodzo wina m'kabotolo koyera komanso magazi pa galasi tisanabaye mankhwala, kenako seftriyakisoni 2 g mu mtsempha pang'onopang'ono. Naitrofurantoini ndinaimitsa. Kapepala sikanaonetse ma kitoni, omwe amaoneka shuga akafika poopsa, zomwe zinandikhazika mtima pansi pang'ono pa nkhani ya shugayo.

Mnzanga anafunsa bwanji osabaya jentamaisini poti tinali naye wambiri pomwe seftriyakisoni anatsala mabotolo ochepa. Funso labwino, chifukwa jentamaisini amagwira bwino pa impso ndipo pa 5 mg pa kilo mayiwa akanalandira 340 mg kamodzi pa tsiku. Koma mankhwala amenewa amapweteka impso zomwezo, ndiye munthu wouma madzi, wa bipi yotsika, wa shuga yemwe sitikudziwa kuti wakhala naye zaka zingati, ife tilibe makina oyezera kiriyatinini, yemwe amaonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, ndinaona kuti ndi kutchova juga. Akanakhala mtsikana wa zaka 20 wopanda vuto lina, akukodza bwino, sindikanaopa dozi imodzi.

Ndinalemba kalata yotumiza ku chipatala cha kuboma, ndikulembamo nthawi yeniyeni yomwe tabaya seftriyakisoni, madzi omwe alowa, za LA wa masabata atatu apitawo ndi za shuga. Amuna awo anayamba kukana, akuti fodya aonongeka m'chigafa, bwanji tingowabaya konkuno azibwera m'mawa uliwonse. Ndinawatengera pambali nkuwauza kuti, "Bambo, matendawa achoka m'chikhodzodzo afika mu impso ndipo ayamba kulowa m'magazi. Usiku bipi ikagwa kuno ndilibe chowathandizira." Mlamu uja ndi amene anamaliza nkhani, anangoti achimwene tiyeni, fodya ana asoka. Ambulansi inafika cha m'ma 2 koloko.

Zotsatira ndinazimva kwa mnzanga wa ku wodi ya amayi komanso mu kabuku atabwerako. Galasi la malungo linayezedwa kawiri, Lachinayi ndi Lachisanu, osapezeka kachilombo, ndipo poti LA uja anasanza yense sitinganene kuti ndi mankhwala anabisa, ndiye anamuimitsa. Maselo oyera a m'magazi anali 17,000. Kiriyatinini anali 1.5 mg/dL pofika, pamenepo ndinathokoza kuti jentamaisini uja sitinabaye. Mkodzo pa maikulosikopu unali ndi mafinya ochuluka, mazira a likodzo sanaoneke. Likodzo ndimalitchula dala, kuno anthu amachapa ndi kusamba m'madambo ndi mu Bua, ndipo munthu wobwerabwera ndi mkodzo wootcha, makamaka wotsiriza ndi timadontho ta magazi, ukhoza kumumwetsa ma antibayotiki chaka chonse pomwe akufunika prazikwantelo. Kalicha wa mkodzo, kuyeza komeretsa tizilombo ku labu, sanachitike, ndiye dzina la kachilombo ndi mankhwala omwe kamamva tinangoweruza poona mmene wodwala akuyankhira.

Anapitiriza seftriyakisoni kamodzi pa tsiku, madzi a diripi ndi insulini pang'ono. Lachisanu thupi linali likadali 38.6 ndipo achibale anayamba kudandaula kuti mankhwala sakugwira. Apa mnzanga wa ku wodi uja anachita bwino osasintha kanthu. Impso yotupa siizizira tsiku limodzi, kutentha kumatha kutenga maola 48 mpaka 72 ngakhale mankhwala ali oyenera, chomwe umayang'ana ndi choti kugunda kwa mtima kukutsika, bipi yakhazikika, mkodzo ukutuluka, kusanza kwaleka. Zonsezi zinali kuyenda bwino. Akanafika tsiku lachitatu lathunthu ali chimodzimodzi kapena akuipiraipira, mafunso akanakhala awiri. Loyamba, kodi pali chotseka njira, mwala kapena thumba la mafinya, chifukwa impso yotsekeka simva mankhwala ngakhale abwino bwanji mpaka itatsegulidwa, ndipo kwa munthu wa shuga chiopsezo chimenechi ndi chachikulu. Lachiwiri, kodi kachilomboka ndi kaja kosamva seftriyakisoni, poti zoyeza magazi za zaka zambiri ku Queens ku Blantyre zinaonetsa kuti E. coli wosamva seftriyakisoni ndi sipuro akuchulukirachulukira m'dziko muno. Anawaunikabe pa sikani Lachisanu lomwelo chifukwa cha shugayo, impso ya kumanja inali yotupirapo pang'ono koma yosatsekeka, mwala panalibe.

Loweruka madzulo thupi linatsika kufika 37.2, anadya phala osasanza. Lamulungu, atalandira seftriyakisoni masiku atatu, anawasinthira ku siprofulokisasini 500 mg kawiri pa tsiku kwa masiku 7, kuti onse pamodzi akwane 10. Kiriyatinini anabwerera pa 0.9, ndiye anayamba metifomini 500 mg nkutuluka Lolemba. Sanawapatse gilibenkilamaidi, piritsi lina la shuga, dala, chifukwa iyeyo akaphatikizana ndi sipuro shuga amatha kugwa mwadzidzidzi.

Wina anganene kuti ndiye bwanji osangopereka sipuro kwa aliyense wa mkodzo wootcha, poti amafika ponse pawiri, m'chikhodzodzo ndi mu impso, nkhani ngati iyi isachitikenso. Ndikudziwa kuti malo ambiri ndi zomwe zikuchitika, nthawi zina poti mu famase mulibe china. Koma ine sindigwirizana nazo pamene pali posankha. Sipuro ndi piritsi lokhalo lomwe tatsala nalo kumudzi kuno lotha kuchiza impso munthu osagonekedwa. Tikamamwaza pa mzimayi aliyense wa chikhodzodzo, yemwe naitrofurantoini akanamuchiza masiku 5, tikuphunzitsa E. coli wa m'matumbo mwake kumuzolowera, ndipo tsiku lomwe adzabwere ndi impso tidzapeza piritsi lathu lasanduka ufa. Kulakwa kwanga Lolemba sikunali kusankha mankhwala ofooka, kunali kusadziwa pomwe matenda ali. Ndikanafunsa za kuzizidwa usiku nkumenya kumsana, tsiku limenelo asanayambe kusanza, bipi ili bwino, ndikanayeza shuga, kubaya dozi imodzi ya seftriyakisoni, kuwapatsa sipuro ndi kuwauza abwerenso mawa lake, mwina ambulansi sikanafunika.

Pali anthu ena omwe ngakhale zizindikiro zikhale za pansi zokha sindiwatenganso mopepuka. Woyembekezera, sipuro ayi, ndipo iyeyu ngakhale tizilombo tipezeke mu mkodzo popanda chomupweteka timachiza, akatentha thupi ndi msana ndi wogoneka basi. Naitrofurantoini naye timamupewa mimba ikafika kumapeto komanso kwa munthu amene impso zake zafooka. Mwamuna wa mkodzo wootcha, ngati ndi wachinyamata ndimayamba ndafufuza chinzonono ndi anzake, ngati ndi wachikulire ndimaganiza za pulositeti, ndipo masiku atatu kapena asanu samukwanira, ndi 7 kupita m'tsogolo. Mbali inayi, agogo omwe kapepala kaonetsa ma lukosaiti koma iwo sakumva chilichonse pokodza, ndimawasiya, mkodzo wonunkha wokha si chifukwa cholembera antibayotiki.

Mayi aja anabwera kwa ine Lachinayi lotsatira, tsiku lachisanu la sipuro, akuti ali bwino koma pamtima pakuotcha ndiye apongozi awo awapatsa mapiritsi oyera otafuna a m'mimba. Anali magineziyamu, ndipo anali atamwa kawiri limodzi ndi sipuro. Izi ndi zomwe timaiwala kunena pa windo la famase: magineziyamu, mapiritsi a ayironi owonjezera magazi, ngakhale mkaka ndi chambiko, zimagwira sipuro m'matumbo osalowa m'magazi, munthu nkumaoneka ngati akumwa mankhwala pomwe akungowataya kuchimbudzi. Ndinawauza asiye otafunawo mpaka amalize, tiyi wa mkaka azimwa patadutsa maola awiri atamwa piritsi. Thupi linali 36.8, kumsana ndinamenya mbali zonse ziwiri osamva kanthu, shuga wa m'mawa asanadye 186. Poti anali bwino chonchi sindinaonjezere masiku.

Patatha mwezi anabweranso ku kiliniki ya shuga, metifomini tinakweza kufika 500 mg kawiri pa tsiku kenako katatu, shuga wa m'mawa anatsika kufika 138, kudzuka usiku kunatsala kamodzi. Mkodzo sindinayezenso poti panalibe chowavuta, ndipo kuyeza munthu amene wachira kumangokupezetsa tizilombo tosalakwa nkuyamba kuchiza pepala. Tinakambirana zonyamula botolo la madzi popita kumunda ndi kusasunga mkodzo tsiku lonse poopa kuchoka pa mzere wa fodya, komanso kuti zikadzayambanso asadzayambire ku golosale, ndipo akadzamwa panado asanabwere adzanene. Pofika mu Ogasiti, miyezi isanu ndi umodzi chichitikireni, mkodzo wootcha unali usanabwerenso. Amuna awo ndi amene anabwera mwezi umenewo kudzayezetsa shuga wawo, anapezeka 94.